Ndimaitanira mpaka mawu kusasa koma makasitomala amangondidutsa

*Funso: Ndili ndi benchi ya tomato, anyezi ndi masamba mumsika wa kwathu kuno ku Nsungwi, ku Area 25 mu Lilongwe. Mayi amene ndayandikana nawo timakaoda limodzi kwa Wakawaka, mtengo wa mulu ndi umodzi, koma anthu amaima kwa iwo ine kumangondidutsa, chonsecho woitanira kwambiri ndine mpaka mawu kusasa. Ena akuti ali ndi mankhwala. Kodi kasitomala ndizimulandira bwanji kuti aime? Komanso masana ndimasiyapo mwana wa achemwali anga, ndimuuze chani?*

Achemwali, za mankhwalazo tazisiyani kaye pambali. Mawa m'mawa mukayala katundu musaitanire kwa ola limodzi, mungokhala phee n'kumawaonera anzanuwo mwakabisira, makamaka zomwe amachita munthu asanafike pabenchi pawo. Ine sindikuwadziwa koma ndakhala mumsika zaka zambiri, ndaphunzitsanso ana ambiri kugulitsa, nde ndikhoza kulosera zomwe muone. Amadzutsa mutu msanga munthu akadali patali, amalankhula motsitsa kuposa inu, ndipo mawu awo oyamba sakhala tomato, amakhala moni. Inu mukuitanira, iwo akulonjera, ndipo mumsika ngati wanuwo ntchito ziwirizi sizibweretsa zofanana.

Kuitanira kuli ndi malo ake, sindikukuletsani. Pitani pa Lizulu ku Ntcheu kapena pa Jenda, basi ikaima pamsewu aliyense amathamangira pawindo ndi beseni lake kukuwa, ndipo akulondola, chifukwa wogulayo ali pamenepo mphindi zochepa chabe, sadzabweranso mwina mpaka chaka chamawa, amene wamveka koyamba ndi amene wagulitsa. Koma ku Nsungwi amene akudutsa pabenchi panuyo ndi mayi wa mu 25 momwemo, abwera lero, abweranso mkuja, ndiwo amagula pafupifupi tsiku lililonse chifukwa ambiri alibe firiji yosungira za sabata yonse. Munthu woteroyo sakusaka amene akukuwa kwambiri, akusaka pamalo pomwe angaime momasuka, ndipo akapapeza sasinthasintha. Mukamukuwira ngati ndinu woitanira minibasi pa depoti amachita zomwe tonse timachita pa depoti, amayang'ana kutsogolo n'kuwonjezera liwiro.

Chomwe chimamuthamangitsa ndi mantha a kumangika. Wogula aliyense amadziwa kuti akaima pabenchi ya munthu amene wamuitana mokweza, n'kugwirako tomato, kenako n'kuona kuti sanamukonde kapena ndalama yake ndi yochepa, kuchoka kumavuta, amachita manyazi, mwinanso amva mawu kumbuyo oti "nde mumagwiriranji". Nde pofuna kupewa zimenezo saima n'komwe, amaonera mulu wanu chapatali ndi ngodya ya diso. Moni wabwino ntchito yake ndi kumuuza munthuyo kuti ndakuonani, mwalandiridwa, ndipo mukhoza kuchoka osagula popanda mlandu. Chachitatuchi ndi chimene ogulitsa ambiri safuna kumva, koma ndi chimene chimaimitsa anthu.

Tiyambe ndi nthawi yake, chifukwa ambiri amalakwitsa nthawi osati mawu. Munthu akakhala masitepe asanu kapena sikisi kuchokera pabenchi panu, mawu asatuluke, maso okha. Mumuyang'ane kumaso, osati pachikwama kapena pa jumbo wanyamula, akakuyang'anani mugwedezeko mutu pang'ono kapena kumwetulira kwa wamba, osati kuonetsa mano onse. Akangochotsa maso n'kupitiriza msiyeni, ameneyo ali ndi kwake kapena sakufuna tomato lero, koma wakulembani mumtima kuti mayi uja savuta. Akachepetsa liwiro kapena maso ake akatsikira pa mulu, ndi pomwe mumalankhula, ali pafupi moti akumvani osakweza mawu. Ngati benchi yachitatu kuchokera panu yamva moni wanu, mwakweza kwambiri. Ndipo mukapereka moni, dikirani ayankhe. Apa ndi pomwe ambiri amagwera, amati "mwadzuka bwanji mayi tomato uyu wa lero faivi handiredi mulu ndikuikirani banyira" mpweya umodzi, nde munthu amadziwa kuti moniwo unali chivundikiro chabe. Funsani, amalize kuyankha, akakubwezerani kuti "kaya inu" muyankhe, kenako khalani chete kamphindi aone katundu. Kacheteko kamaoneka kotalika kwa inu wogulitsa koma kwa wogula ndi nthawi yomwe akuwerengera ndalama zake m'mutu.

Mawu enieniwo si achilendo ayi, ndi omwe mumalankhula kunyumba. M'mawa "mwadzuka bwanji", dzuwa likapendeka "mwaswera bwanji", munthu amene simukumudziwa n'komwe "muli bwanji" kapena "takulandirani mayi, fikani". Achikulire ena makamaka ochokera kumudzi "wawa" kapena "zikomo" ndi kuwerama pang'ono zimawakwanira kuposa chiganizo chachitali. Chomwe ndimaletsa ndi "mukufuna chani", chifukwa ngakhale mulibe mtima woipa amamveka ngati munthuyo wakusokonezani. Nenani kuti "tikuthandizeni ndi chani" kapena "lero tikupatseni chani", ndipo amene akuoneka kuti akungoyendera mitengo muuzeni poyera kuti "onani kaye mayi, kuona n'kwaulere, olo muzungulire mubwera". Mudabwa kuti ambiri mwa amene mwawamasula chonchi amazunguliradi n'kubwerera kwa inu, chifukwa kwina konse anawapanikiza.

Pali ena amafika osapereka moni, kungoloza ndi chala kapena ndi mlomo, "zingati uyu?" Musawalange ndi moni wokakamiza, zija zoti "tiyambe talonjerana kaye", anthu amadana nazo, amamva ngati mukuwaphunzitsa mwambo pagulu. Yankhani mtengo kaye momveka, moni muulowetse pambuyo, "faivi handiredi bambo, uwu wa wani sauzande, mwaswera bwanji kodi?" Wothamanga watenga chomwe amafuna, ulemu waulandiranso.

Tsopano nkhani ya kumutchula munthu, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe makasitomala ambiri amatayika mwakachetechete ndipo sadzakuuzani. "Kasitomala" ndi mawu oti mumsika aliyense akuitanidwa nawo, nde sagwira munthu, ali ngati simunatchule aliyense. Gwiritsani ntchito pokhapokha ngati ndi wozolowerana naye ndipo mukuseka naye, "aa kasitomala wanga wafika". Kwa mzimayi wamkulu amene simukumudziwa "mayi" salakwika. Kwa wamng'ono kapena wamsinkhu wanu "achemwali" kapena "asisi". Chenjerani ndi "agogo", musathamangire chifukwa mwaona imvi ziwiri, mzimayi wa zaka makumi asanu amene wavala bwino akuchokera kuntchito mukamuti agogo ndiye kuti mwamaliza naye, pomwe nkhalamba yeniyeni ya ndodo imakondwa nalo dzinalo. Mukakayika tsikirani ku "mayi". "Anti" nawonso atsikana ena amanyansidwa nawo akachokera kwa munthu wamkulu mnzawo, amamva ngati mwawakalambitsa, koma akachokera kwa mwana ali bwinobwino. "Madamu" amakoma kwa ena, koma taganizani mwati "madamu fikani" kwa amene watsika galimoto kenako "mayi mukufuna chani" kwa amene wabereka mwana ndi chitenje chakutha ataima pomwepo, wachiwiriyo wamva kusiyana kwake, ndipo iyeyo ndi amene amagula tsiku ndi tsiku pomwe wagalimoto amabwera pakutha pa mwezi.

Kwa azibambo "bambo" kapena "achimwene" molingana ndi msinkhu, "ankolo" ngati ndi wamkulu kwa inu pang'ono. "Bwana" ndi "bigi" anyamata ogulitsa amawakonda, ndipo amagwira kwa ena, koma pali vuto lake, munthu ukamuti "bwana mkubwa" amayamba kukayika kuti mtengo wakwera chifukwa cha nsapato zake, nde amanenerera mwaukali kapena amachita manyazi kugula mulu wa K300 atatchulidwa bwana. Azibambo ambiri pabenchi ya ndiwo amakhala omangika kale, ena atumidwa ndi akazi awo ndipo sadziwa kuti mpiru ndi uti, chayinizi ndi uti, nde moni wawo ukhale wachidule, muwathandize kusankha osawaseka, ndipo osawafunsa kuti "amayi ali kuti lero mukugula nokha". Simukudziwa, mwina banja linatha, mwina anamwalira. Komanso inu monga mzimayi moni wanu kwa abambo ukhale womwewo womwe mungapereke akazi awo ali pomwepo, msika uli ndi maso ambiri ndipo nkhani imafika kunyumba inu musanaweruke.

Mukamudziwa munthu pang'ono sinthani, mutchuleni momwe anthu akwawo amamutchulira, amake uje, abambo ake a uje, kapena ndi mfunda, a Phiri, Nabanda, Nangozo. Palibe chimene chimamanga kasitomala ngati kumva dzina lake pamalo pomwe amayembekezera kukhala mlendo. Koma dzinalo mulipeze mwachibadwa, mwamva mnzake akumuitana kapena mwafunsa dzina la mwana ali kumsana, osati kumufunsa ngati kalembera tsiku loyamba. Lilongwe muli anthu a mitundu yonse, nde mukamva munthu akulankhula Chitumbuka pafoni, "muli uli" ndi "yewo" pomupatsa chenje zimamusangalatsa, wa Chiyao "ali uli" ndi "sikomo". Mawu awiri okha basi, musapitirire ngati simuchidziwa, ndipo musaganizire mtundu wa munthu poona nkhope kapena chovala, dikirani mumve yekha. Chimene sindifuna kumva n'komwe ndi kuitana munthu ndi chilema kapena maonekedwe ake, "inu onenepa", "inu ofiira", olo mukuona ngati n'kuyamikira.

Thupi nalo limalonjera. Sindikunena kuti muziimirira tsiku lonse, miyendo ingatupe, koma munthu wamkulu akaima pabenchi dzukani kapena sunthirani kutsogolo, musamuyankhe mutatsamira thumba la anyezi. Foni ndiye mdani wamkulu masiku ano, munthu amaima kudikira inu mukumaliza kavidiyo, mukadzutsa mutu wapita. Ngati muli pafoni yofunika muyang'aneni, kwezani dzanja, nenani "pepani ndikumaliza", zimenezo zokha zimamuimitsa. Akakupezani mukudya nsima pabenchi, "kalibu" kapena "tidye mayi" ndi moni wokwanira, akana inde koma wamva bwino, kenako sambani m'manja iye akuona musanagwire masamba ake. Macheza ndi anzanu a mabenchi ena adulidwe munthu akafika, makamaka kuseka, chifukwa munthu akafika inu n'kupitiriza kuseka amaganiza kuti mukuseka iye. Ndalama landirani ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwirizira ngati ndi wamkulu, chenje mumupatse m'manja osati kuponya pa tomato. Ndipo akatulutsa K5,000 pogula za K500 m'mawa musanagulitse kanthu, nkhope isasinthe, chifukwa moni wonse uja umafufutika ndi tsinya limodzi la chenje. Nenani "dikirani pang'ono ndikusinthireni" n'kuthamanga, kapena mufunseni ngati ali ndi Airtel Money kapena Mpamba. Chabwino kwambiri n'kugona ndi ndalama zing'onozing'ono zoyambira mawa.

Munthu mmodzi savuta, mayeso enieni ndi pomwe afika angapo nthawi imodzi, nde tiyeni tiyerekeze Loweruka cha m'ma 9 koloko. Muli pakati posankhira tomato mayi wina amene amagula kwa inu nthawi zonse, akufuna wa K2,000 ndipo amasankha mosafulumira uku akukuuzani za mwana wake amene akudwala. Kumanzere kwafika bambo wachikulire amene simunamuonepo, waima chete akuyang'ana anyezi. Pansi pafupi ndi benchi pali kamtsikana ka zaka ngati eyiti kafumbata ndalama m'manja, katumidwa. Ndipo kumbuyo kwa onsewa mukuona mayi wovala zakuofesi akuchepetsa liwiro, maso pa repu wanu.

Zomwe ambiri amachita, amasiya mayi woyambayo n'kuthamangira wazakuofesi chifukwa akuoneka wandalama, bambo uja osamuona, mwana ndiye ngati kulibe. Mapeto ake woyamba wakhumudwa, bambo wasunthira benchi ina, mwana wadikira mpaka watopa, ndipo wazakuofesiyo mwina wangofunsa mtengo n'kupita. Chitani chonchi. Manja anu asachoke pa tomato wa mayi woyamba, iye ndi amene ali pamzere. Tembenuzani mutu wokha kwa bambo aja, "mwadzuka bwanji bambo, ndikuthandizani pompano ndingomaliza ndi mayiwa". Munthu akauzidwa kuti waonedwa amatha kudikira nthawi yotalikirapo ndithu, amene sanaonedwe ndi amene amachoka msanga. Wazakuofesi mumupatse maso ndi "takulandirani mayi, repu ndi wa lero, onani kaye", osapitirira apo. Kenako mwana. Funsani mayi woyamba, "ndimuthandize kaye mwanayu mwachangu?" pafupifupi aliyense amavomera, ndipo amakuonani kuti ndinu munthu. Weramirani kwa mwanayo, "wadzuka bwanji mwanawe, akutuma chani?" Ana amaiwala kapena amasokoneza, nde mufunseni kuti akuphika chani kunyumba, mumusankhire tomato wabwino osati wophwanyika amene akuluakulu akana, mumangire jumbo bwino, chenje mumuwerengere mokweza n'kumuuza asunge, "ukawapatse moni amayi". Zonsezi sizitenga mphindi imodzi. Mwana uja akafika kunyumba ndi tomato wabwino ndi chenje chokwanira, mayi ake amafunsa kuti wagula kwa ndani, ndipo kuyambira pamenepo amamutuma kuti "upite kwa mayi aja". Ana otumidwa amabweretsa ndalama yambiri pabenchi ya ndiwo kuposa momwe ogulitsa amaganizira, chifukwa amabwera tsiku lililonse ndipo sanenerera.

Mukabwerera kwa mayi woyamba, bwererani ndi nkhani yake, "nde mwati mwana anagona bwanji usiku?" kuti adziwe kuti mumamva. Mukamaliza naye, banyira mumuikire iye akuona, "pitani bwino, mwanayo achire". Kenako bambo aja muyambe ndi "pepani ndakudikiritsani". Mwaona kuti palibe amene mwamukuwira, koma anthu anayi aima pabenchi panu, ndipo anthu akaima pabenchi amakoka ena, odutsa amaganiza kuti pali katundu wabwino. Ndikuganiza kuti mankhwala a anzanuwo ndi amenewa.

Kasitomala wozolowera ali ndi misampha yake. "Mwasowatu" ndi moni wokoma ngati mwaunena mosangalala n'kusiya pomwepo, koma mukawonjezera kuti "masiku ano mukugula kwina eti" wasanduka mlandu, ndipo munthu amayamba kuzemba njira ya benchi yanu. Akagula kwa mnzanu woyandikana naye inu mukuona, mupatseni moni womwewo wa masiku onse, olo mumtima zikuwawa, chifukwa mukamufulatira lero mwamutsekera njira yobwerera mawa. Amene ali ndi ngongole yanu ndiye ovuta kwambiri, amadutsa mzere wina kuthawa maso anu, nde mumataya ngongole ndi kasitomala yemwe. Mukamuona mulonjereni bwinobwino ngati palibe kanthu, za ndalama mumuuze motsitsa ali pafupi anthu ena kulibe, osati "mayi za dzana zija" pagulu. Mafunso a kunyumba akhale a pamwamba, ana ali bwanji, odwala aja ali bwanji, basi. Zoti mwanenepa, mwaonda, muli ndi pakati kodi, bambo anabwera, zisiyeni, ndipo zomwe wakuuzani kasitomala mmodzi zisatuluke kwa wina, chifukwa womverayo amadziwa kuti mawa nkhani ikhala yake. Mukamva kuti kwawo kunagwa maliro, tsiku loyamba kubwera muyambe ndi "pepani ndi zovuta zija" musanatchule malonda aliwonse.

Wochoka osagula naye ali ndi moni wake. "Zikomo mayi, mudzatipeza" ndi nkhope yomweyo yomwe munamulandira nayo. Mawu otsalira kumbuyo, kutsonya, kapena kubweza tomato pa mulu mwamphamvu, amamva, ndipo amene aima pafupi amamvanso n'kuphunzira kuti pabenchi iyi ukagwira uyenera kugula.

Za mwana wa achemwali anuyo, musamupatse malamulo ambiri, sagwira. Ana ambiri vuto lawo si mwano kwenikweni, ndi manyazi ndi foni, amayankha ndi mutu kapena "ee" osayang'ana munthu. Muuzeni zinthu zitatu zokha sabata yoyamba, foni ikhale m'thumba la epuloni, munthu akaima aimirire, ndipo aliyense wamkulu kwa iye ndi "inu", mayi, bambo, anti, ankolo, palibe "iwe", "aise" kapena "bho" pokhapokha kwa anzake amsinkhu wake. Musangomuuza, yesererani naye madzulo mukulongedza, inu mukhale kasitomala wovuta wofunsa mtengo katatu n'kuchoka, aseka koma mawuwo azolowera pakamwa. Chinanso chofunika, muzimuonetsa kwa makasitomala anu inu mulipo, "uyu ndi mwana wanga, masana muzimupeza ndi iyeyu, akuthandizani ngati ine", ndipo iye mumuuze kuti mayi awa amakonda tomato wosapsetsa, awa timawaikira banyira. Makasitomala ambiri amatayika masana chifukwa afika apeza nkhope yachilendo imene sikuwadziwa, yawapatsa mulu wa wamba popanda kanthu kapamwamba, iwo n'kumva ngati atsitsidwa udindo. Mumuuzenso choyankha akafunsidwa za inu, "atuluka pang'ono abwera cha m'ma 3, ndikuthandizeni ine", osati "kaya". Ndipo mukamudzudzula musamudzudzule pamaso pa ogula, mwana wochititsidwa manyazi amalandira anthu ndi nkhope yomweyo tsiku lonse.

Kuti mudziwe ngati zikusintha musadalire mtima, umanama, tsiku lomwe mwagulitsa bwino mumaona ngati zonse zili bwino. Tengani zitini ziwiri zazing'ono ndi nyemba kapena timiyala. Aliyense amene waima pabenchi, ponyani imodzi m'chitini choyamba, amene wagula ponyaninso m'chachiwiri. Chitani masiku angapo momwe mumachitira panopa, kenako masabata awiri mwanjira yatsopanoyi, ndipo poyerekeza muziyerekeza masiku ofanana, Loweruka ndi Loweruka, pakati pa mwezi ndi pakati pa mwezi, chifukwa pakutha pa mwezi aliyense amagulitsa olo atakwiya. Ngati chitini choyamba chikudzaza kuposa kale, moni wagwira. Ngati choyamba chikudzaza koma chachiwiri chili pomwepo, vuto lachoka pa moni, lili pa katundu, yang'anani kukula kwa mulu wanu poyerekeza ndi wa anzanu, tomato wofewa amene mwabisa pansi, masamba ofota amene simunawaze madzi, kapena ntchentche pabenchi. Moni umaimitsa munthu koma sungamugulitse tomato woola, ndipo amene mwamulandira bwino n'kukapeza zoola pansi pa jumbo amakwiya kuposa amene munamulandira mwa wamba, amamva kuti munamunyengerera dala.

Chitini choyamba chikapanda kusintha olo mwachita zonsezi, imani pomwe anthu amalowera mumzere wanu muone ngati benchi yanu imaoneka, nthawi zina ndi thumba lapachikidwa, ambulera yatsika kwambiri moti nkhope yanu ili mumdima, kapena anzanuwo ndi amene ali koyambirira nde anthu amafika kwa inu atagula kale. Zikakhala choncho musalimbane nawo pa tomato yemweyo, ikani kutsogolo chinthu chomwe iwo alibe, kaya ndi tsabola wa kambuzi, adyo, nsinjiro kapena mandimu, kuti amene wagula kale kwa iwo akhale ndi chifukwa choimanso kwa inu. Akaima chifukwa cha kambuzi wa K200 mulandireni ngati wagula beseni lonse, osayang'ana jumbo ya tomato wa anzanu ili m'manja mwake, ndipo musamuuze kuti wanu ndi wabwino kuposa umenewo, auona yekha ali pomwepo.